Nyama m'jeleira ndi m'konjeladori: imakhala masiku angati?

 Lero tikambirana za nyama yosunga pozizira. Magetsi afika m'malo ambiri, ndipo mabanja ena agula jeleira, ija anzathu a ku Malawi amati filiji. Ena agula konjeladori, bokosi lija lotsekulira pamwamba limene limaumitsa zinthu kuti gwa ngati mwala. Amene alibe amakasungitsa nyama yawo kwa achibale kapena pa baraka ya pafupi. Funso limene timalandira kawirikawiri tikamayenda m'midzi ndi lakuti: nyama ikalowa mmenemo, ingakhale nthawi yaitali bwanji isanakhale yoopsa?

Yankho lalifupi ndi ili: m'jeleira timawerenga masiku, m'konjeladori timawerenga miyezi. Koma kuti muwerenge bwino, muyenera kudziwa nyama yake ndi yotani, kuwerengako kumayambira pati, ndiponso chimachitika n'chiyani magetsi akazima.

Kuzizira sikupha tizilombo

Nyama iliyonse yaiwisi imakhala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Timachokera m'matumbo a chiweto, pa chikopa, pa mpeni, pa tebulo la wogulitsa, m'manja mwa anthu ndi pa miyendo ya ntchentche. Pamalo ofunda tizilomboti timaswana msanga kwambiri. Kamodzi kangathe kugawikana n'kukhala tiwiri pa mphindi 20 zokha. Tiwirito pa mphindi 20 zina takhala tinayi. Mukawerenga choncho mpaka maola 7, kamodzi kaja kabala toposa 2 miliyoni. Ndiye kuti nyama imene inapachikidwa pamsika 6 koloko m'mawa si yofanana ndi imene mukugula 1 koloko masana, ngakhale kuti mbuzi yake ndi imodzi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaphunzitsa kuti tizilomboti timaswana kwambiri chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. Jeleira yabwino imasunga chakudya pa madigiri 5 kapena kutsikirapo pang'ono. Pamenepo tizilombo sitifa, timangochita ulesi, n'kumaswana pang'onopang'ono. N'chifukwa chake nyama ya m'jeleira imaonongekabe pakapita masiku ochepa. Konjeladori yabwino imafika madigiri 18 pansi pa ziro. Pamenepo madzi a m'nyama amauma ndipo tizilombo timaleka kuswana. Koma nato sitinafe, tangogona. Tsiku limene nyamayo idzasungunuke, tidzadzuka n'kupitiriza pomwe tinalekezera.

Apa pali phunziro loyamba. Nyama imatuluka m'konjeladori ili monga momwe inalowera. Ikalowa yabwino, ituluka yabwino. Ikalowa itayamba kale kugunda, ituluka yogunda. Choncho musadikire kuti nyama ithe masiku m'jeleira kenako n'kumati "tiyeni tiiumitse isanaonongeke." Tsiku limene mwafika nayo pakhomo, gamulani pomwepo: iyi tidya mawa kapena mkuja, ipite m'jeleira, iyi ndi ya mtsogolo, ipite m'konjeladori lero lomwe.

Nyama yaiwisi m'jeleira

Si nyama zonse zimene zimapirira mofanana. Nthuli yaikulu ya ng'ombe, ya mbuzi kapena ya nkhumba imakhala m'jeleira masiku 3 mpaka 5. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo tambiri timakhala pamwamba pa nthuliyo, pamene pakhudza mpeni ndi manja, koma mkati mwa mnofu mumakhala moyera. Mukaiduladula timagawo ting'onoting'ono, mwachulukitsa malo amene tizilombo tingakhalepo. Ndiye ngati mukufuna kuti nyama ifike mkuja, isungeni yathunthu, mudzaidule pa tsiku lophika.

Nyama yogaya ndi soseji yaiwisi zimakhala tsiku 1 kapena masiku 2 basi. Makina ogayira amatenga tizilombo ta pamwamba n'kutisakaniza mkati monse.

Nkhuku, bakha ndi nkhanga zaziwisi nazonso ndi tsiku 1 kapena masiku 2, kaya ndi yathunthu kaya yoduladula. Zam'kati, monga chiwindi, matumbo, chifu, mapapo ndi impso, chimodzimodzi: tsiku 1 kapena masiku 2. Makolo athu ankadziwa kale zimenezi. Chiweto chikaphedwa, zam'kati ndizo zinkayamba kulowa mumphika tsiku lomwelo.

Masiku amenewa anawerengedwa ndi akatswiri poganizira nyama imene yakhala pozizira kuyambira kophera mpaka kusitolo. Kwathu kuno nthawi zambiri sizili choncho. Nyama imapachikidwa pamtengo pa tsiku la msika, fumbi likuuluka, kenako imayenda m'jumbo pa njinga kapena pa minibasi. Maola onsewo tizilombo timakhala tikuswana. Choncho pa nyama ya pamsika tengani nambala yaing'onoyo. Pamene tanena kuti masiku 3 mpaka 5, inu werengani 3. Pamene tanena kuti tsiku 1 kapena 2, phikani lero kapena mawa m'mawa. Ndipo tsiku loyamba ndi tsiku limene chiweto chinaphedwa, osati tsiku limene inu mwatsekula jeleira. Funsani wogulitsa kuti, "Mwapha liti?" Si mwano. Gulani nyama pomaliza, mukatha kugula zina zonse, ndipo ifike pozizira pasanathe maola 2. M'mwezi wa Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, yesetsani kuti lisathe ngakhale ola limodzi.

Poika m'jeleira, nyama yaiwisi ikhale m'mbale yovundikira ndipo ikhale pa shelefu ya pansi. Ikakhala pamwamba, madzi ake a magazi amadonthera pa chakudya chophika kale kapena pa tomato amene mudzadye wosaphika.

Nyama yophika m'jeleira

Anthu ambiri amaganiza kuti nyama ikaphikidwa ndiye kuti basi, ingakhale mlungu wathunthu. Ayi. Nyama yophika, kaya yamsuzi, yokazinga kapena yootcha, imakhala m'jeleira masiku 3 mpaka 4.

Moto umapha tizilombo tambiri, koma tilipo tina timene timadzitsekera m'chikhokho cholimba ndipo timapulumuka ngakhale msuzi utawira. Mphika ukamazizira pang'onopang'ono, timatuluka n'kuyamba kuswana. Tina timalowa nyama itapsa kale, kudzera m'manja, m'chipande kapena m'mbale imene munali nyama yaiwisi. Choopsa n'chakuti tina mwa timeneti timasiya poizoni m'chakudya, ndipo poizoniyo satha ngakhale mutenthetsenso mpaka kuwira. N'chifukwa chake banja lingathe kudwala m'mimba ndi kusanza chikhalirecho mayi anatenthetsa ndiwo bwinobwino.

Vuto lalikulu limakhala pa mphika waukulu wa pa ukwati, pa ubatizo kapena pa maliro. Mphika wotero ukauphula, kunja kumazizira koma pakati pamakhalabe pofunda kwa maola ambiri. Ngakhale muulowetse m'jeleira wonsewo, pakati pake sipazizira msanga, ndipo umafunditsanso zakudya zina zimene zili mmenemo. Chochita ndi ichi: gawani nyamayo m'mbale zing'onozing'ono zosazama, msuzi usapitirire kutalika kwa chala. Ngati ikadali yotentha kwambiri, khazikani mbalezo m'beseni la madzi ozizira. Nthunzi ikaleka kutuluka, vundikirani n'kulowetsa. Zonsezi zichitike pasanathe maola 2 kuchokera pamene munaphula.

Potenthetsa, patulani yokhayo imene mudye, yotsalayo ibwerere m'jeleira nthawi yomweyo. Tenthetsani mpaka msuzi uwire ndithu ndipo nthuli itenthe mpaka mkati. Kungofunditsa n'kuwapatsa tizilombo malo abwino oswanirana. Imene mwatenthetsa kamodzi musaibwezerenso.

Nyama zogula zophikaphika, monga poloni, zikatsekulidwa zimakhala masiku 3 mpaka 5. Pa zimenezi pamafunika kusamala kwina, chifukwa pali kachilombo kena kotchedwa lisiteriya kamene kamatha kuswana ngakhale m'jeleira mozizira. M'chaka cha 2017 ndi 2018 ku Joni kunabuka matenda a kachilomboka kuchokera ku poloni. Anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda. Amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chochepa azidya nyama zoterezi atazitenthetsa mpaka kutulutsa nthunzi.

Nyama m'konjeladori

Ngati konjeladori ikhala yozizira mosalekeza pa madigiri 18 pansi pa ziro, nyama siyamba kudwalitsa anthu ngakhale papite nthawi yaitali. Chimene chimatha ndi kukoma kwake. Mafuta amayamba kununkha chiukale, mnofu umauma ndipo umachita njerenjere pakamwa. Miyezi imene titchule pano ndi yoti nyama ikhale ikukomabe.

Nthuli zikuluzikulu za ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba zimakhala miyezi 4 mpaka 12. Ya mafuta ambiri, monga ya nkhumba, imasintha fungo msanga kuposa ya mnofu wokhawokha, choncho muziyamba kudya imeneyo. Nkhuku yathunthu imakhala chaka, yoduladula miyezi 9. Nyama yogaya ndi zam'kati ndi miyezi 3 mpaka 4. Soseji yaiwisi ndi mwezi 1 kapena miyezi 2. Nyama yophika ndi miyezi 2 mpaka 3.

Taonani kusiyana kwake. M'jeleira, nkhuku yophika imakhalitsa kuposa yaiwisi: masiku 3 mpaka 4 poyerekeza ndi 1 kapena 2. Koma m'konjeladori zimatembenuka, yaiwisi ndiyo imakhalitsa kuposa yophika. Ndiye ngati muli ndi jeleira yokha ndipo nkhuku yatha tsiku, iphikeni, mwaiwonjezera masiku. Ngati muli ndi konjeladori ndipo mukusungira mwezi wa mawa, iumitseni yaiwisi.

Gawani nyamayo m'timajumbo toyera, kalikonse kokwana kuphika kamodzi. Finyani mpweya utuluke, mangani zolimba, ndipo phwathalitsani kajumboko kuti kaume msanga. Lembani tsiku ndi mtundu wa nyama pa kapepala, chifukwa ikauma, mbuzi ndi nkhumba zimafanana. Musaunjike timajumbo tatsopano pamodzi. Tiyaleni m'mbali mwa konjeladori mpaka tiume, kenako musanjikize. Mukapeza nyama ili ndi mawanga otuwa ouma pamwamba, ndiye kuti mpweya unalowa m'jumbo. Siidwalitsa, ingosengani pouma pajapo n'kuphika.

Chenjerani ndi kachipinda ka ayezi kamene kamakhala mkati mwa jeleira ya chitseko chimodzi. Kameneko nthawi zambiri si konjeladori yeniyeni. Yang'anani pa kachitseko kake, pamakhala zizindikiro za nyenyezi. Nyenyezi imodzi ikutanthauza madigiri 6 pansi pa ziro, ndipo chakudya chouma kale chimakhalamo pafupifupi mlungu umodzi. Nyenyezi ziwiri ndi madigiri 12 pansi pa ziro, pafupifupi mwezi umodzi. Nyenyezi zitatu kapena zinayi ndizo zimafika pa 18. Ngati palibe nyenyezi iliyonse, kachipindako ndi kopangira ayezi, nyama musaiwerengere miyezi mmenemo.

Magetsi akazima

Miyezi yonse tatchulayi imadalira chinthu chimodzi: kuzizira kosadukiza. Kuno magetsi amazima, makamaka nthawi ya mvula ndi mphenzi, ndipo nthawi zina mayunitsi a Credelec amatha usiku tonse tili m'tulo. Nazi nambala zoti muzisunge pamtima. Jeleira yosatsekulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Konjeladori yodzaza, yosatsekulidwa, imasunga pafupifupi maola 48. Yodzaza theka imasunga pafupifupi maola 24.

Chifukwa chake yodzaza imapirira n'chakuti zinthu zouma zimaziziritsana zokha. Ngati nyama yanu ndi yochepa, dzazani malo otsalawo ndi mabotolo a madzi, osawadzaza mpaka pakamwa kuti asaphulike akauma. Magetsi akazima, tengani mabotolo angapo ouma n'kuwaika m'jeleira pafupi ndi nyama, mutsekule kamodzi kokha. Uzani ana kuti asatsekule kufuna madzi ozizira. Kutsekula kulikonse kumadya maola a nyama yanu.

Magetsi akabwera, yang'anani kajumbo kalikonse. Ngati nyama ikadali yolimba kapena muli timiyala ta ayezi mkati, ingaumitsidwenso. Ngati yasungunuka yonse koma ikuzizirabe ngati yochokera m'jeleira, iphikeni tsiku lomwelo. Ngati yafewa, yafunda ndipo madzi a magazi adzaza m'jumbo, itayeni.

Nanga ngati munachokapo masiku angapo, mudziwa bwanji kuti magetsi anazima n'kubweranso? Thirani madzi m'kapu, aume m'konjeladori, kenako ikani ndalama yachitsulo pamwamba pa ayeziyo. Mukadzaipeza ili pansi pa kapu, dziwani kuti zonse zinasungunuka n'kuumanso. Chizindikiro china ndi magazi ouma amene asonkhana pansi pa jumbo, kapena timajumbo timene tamatana n'kusintha maonekedwe. Muziyang'ananso zimenezi pogula nkhuku youma m'sitolo.

Pali chizolowezi china chofala: kuzimitsa konjeladori usiku kuti mayunitsi asathe. Pa zakumwa palibe vuto. Pa nyama, kusungunuka pamwamba usiku uliwonse n'kuumanso masana kumaononga mnofu ndipo kumapatsa tizilombo mpata pang'onopang'ono. Ngati mukusungitsa nyama pa baraka pamene konjeladori imatsekulidwa tsiku lonse potulutsa zakumwa, funsani mwini wake ngati amazimitsa usiku. Pemphani kuti nyama yanu ikhale pansi penipeni, ndipo musawerenge miyezi. Idyeni pasanathe milungu iwiri kapena itatu, ndipo pokatenga muziona ngati ili yolimba gwa.

Tiyeni tiwerenge ndi mbuzi imodzi

Tiyerekeze kuti banja lina kuno ku Fonte Boa lapha mbuzi Loweruka 6 koloko m'mawa chifukwa cha ubatizo wa mwana. Tinene kuti yatuluka nyama makilo 10, osawerengera zam'kati. Banjali lili ndi jeleira ya zitseko ziwiri, ya konjeladori pamwamba.

Pofika 8 koloko zonse zikhale zitagawidwa. Makilo 4 apita mumphika wa alendo. Matumbo ndi chifu zitsukidwe n'kuphikidwa tsiku lomwelo. Chiwindi chingadikire m'jeleira mpaka Lamulungu m'mawa, osapitirira apo. Mwendo umodzi wa kilo imodzi ndi theka ukhale wathunthu m'mbale yovundikira pa shelefu ya pansi. Popeza waphedwa pakhomo ndipo walowa pozizira msanga, ungafike Lachiwiri, ngakhale Lachitatu. Makilo 4 ndi theka otsalawo agawidwe m'timajumbo 9 ta theka la kilo, tilembedwe tsiku, tilowe m'konjeladori Loweruka lomwelo.

Mphika wa alendo waphulidwa 1 koloko masana. Alendo adya ndipo nyama yatsalako. Pofika 3 koloko ikhale itagawidwa m'mbale zosazama n'kulowa m'jeleira. Isadikire kuti alendo atsanzike madzulo. Nyama imeneyi idyedwe Lamulungu, Lolemba ndi Lachiwiri, ndipo Lachitatu ndiye tsiku lomaliza. Ngati mayi akuona kuti yachuluka moti siitha pofika tsikulo, aumitse gawo lina Loweruka kapena Lamulungu. Imeneyo idzawathandiza m'miyezi 2 ikubwerayi.

Tsopano tinene kuti Lolemba magetsi azima 8 koloko m'mawa. Jeleira ili ndi maola 4, ndiye kuti mpaka 12 koloko masana. Ikamakwana 11 koloko magetsi asanabwere, mayi asadikirenso. Nyama yophika ija itenthetsedwe mpaka kuwira n'kudyedwa pa nkhomaliro. Mwendo uja uphikidwe kapena uwambidwe pamoto tsiku lomwelo, usadikire Lachitatu. Chitseko cha konjeladori chisatsekulidwe n'komwe. Magetsi akabwera 5 koloko madzulo, papita maola 9. Mayi akakhudza timajumbo tija n'kupeza tili tolimba, palibe chimene chatayika. Koma banja likanangokhala osachitapo kanthu, nyama yophika ndi mwendo zikanakhala zitatha maola 5 kupitirira malire, ndipo zikanayenera kutayidwa ngakhale zisakununkha.

Kusungunula

Nyama yabwino imaonongekera kawirikawiri pa sitepe yomalizayi. Mukaiika padzuwa kapena patebulo kuyambira m'mawa, kunja kumafunda ndipo tizilombo timayamba kuswana pamene mkati mukadali mwala. Njira yabwino ndi kuitulutsa m'konjeladori madzulo n'kuiika m'mbale pa shelefu ya pansi ya jeleira. Kajumbo ka theka la kilo kamasungunuka pofika tsiku lotsatira, nkhuku yathunthu ingatenge tsiku limodzi kapena awiri. Ngati mukufulumira, viikani kajumbo kosadontha m'madzi ozizira, muzisintha madziwo pa mphindi 30 zilizonse, ndipo ikasungunuka phikani nthawi yomweyo. Timagawo ting'onoting'ono mungathenso kutiponya mumphika tili touma, kungoti kuphikako kumatenga nthawi yotalikirapo. Onetsetsani kuti yapsa mpaka mkati, popanda kufiira pafupi ndi fupa.

Mphuno siidziwa zonse

Nyama ikamanunkha, ikamaterera kapena kunanda m'manja, ikasanduka yobiriwira kapena yotuwa, kapena msuzi ukamachita thovu ndi kuwawasa, palibe chokambirana, itayeni. Kutsuka ndi mandimu, viniga kapena kuthira tsabola wambiri kumangobisa fungo. Koma dziwaninso kuti tizilombo timene timanunkhitsa nyama si timene timadwalitsa kwambiri. Todwalitsato nthawi zambiri sitisintha fungo, mtundu kapena kakomedwe. N'chifukwa chake timawerenga masiku m'malo modalira mphuno, ndipo sitilawa kuti tione ngati ili bwino.

Kuno ku Angonia timaweta nkhumba zambiri, ndiye tinenenso ichi. Nyama ya nkhumba imene ili ndi timatuza toyera tonga mpunga m'mnofu kapena pansi pa lilime ili ndi ana a njoka za m'mimba. Jeleira siichiritsa. Musaigule ndipo musaisunge. Chimodzimodzinso nyama ya chiweto chofa chokha.

Kaya kuzizire bwanji m'mwezi wa Juni ndi Julayi kuno kumapiri, khonde kapena zenera si jeleira. Usiku kungazizire ndithu, koma dzuwa likatuluka nyama imabwerera pofunda. Amene mulibe magetsi, gulani yokwana kudya tsiku limenelo. Ikachuluka, ilengeni mizere yopyapyala, ithireni mchere, muiwambe pamoto mpaka iume gwa monga ankachitira makolo.

Muonenso jeleira yanu ngati ikuzizira mokwanira. Manambala a pa kachitsulo kopotokola mkatimo si madigiri. Pa jeleira zambiri nambala yaikulu ndiyo yozizira kwambiri. Tsekerani kapepala pa chitseko n'kukakoka. Kakatuluka mosavuta ndiye kuti mphira wa chitseko watha ndipo kuzizira kukuthawa. Musaidzaze mothinana, mphepo yozizira imafuna poyenda.

Wina akadwala

Munthu akayamba kutsekula m'mimba kapena kusanza atadya nyama, mpatseni madzi abwino pafupipafupi, makamaka madzi a mchere ndi shuga a m'paketi ochokera kuchipatala, aja ku Malawi amati Thanzi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Thamangirani kuchipatala chapafupi ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati thupi latentha kwambiri, ngati akusanza chilichonse chimene wamwa, ngati maso alowa mkati ndipo sakukodza, kapena ngati wodwalayo ndi mwana wamng'ono, mayi woyembekezera kapena wokalamba. Uzani adokotala chimene anadya ndi tsiku limene chinaphikidwa, ndipo chotsalacho wina asadyenso.

Zoti mulembe pa chitseko cha jeleira

Nkhuku yaiwisi: m'jeleira tsiku 1 kapena masiku 2, m'konjeladori miyezi 9 mpaka 12.

Zam'kati ndi nyama yogaya: m'jeleira tsiku 1 kapena masiku 2; m'konjeladori miyezi 3 mpaka 4.

Nthuli za ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba: m'jeleira masiku 3 mpaka 5; m'konjeladori miyezi 4 mpaka 12.

Nyama yophika: m'jeleira masiku 3 mpaka 4, m'konjeladori miyezi 2 mpaka 3.

Magetsi akazima: jeleira maola 4, konjeladori yodzaza theka maola 24, yodzaza maola 48.

Nyama ya pamsika tengani nambala yaing'ono, ndipo werengani kuyambira tsiku limene chiweto chinaphedwa. Amene simunamvetse penapake, tifunseni tikamadutsa m'mudzi mwanu kapena pa tsiku la sikelo ya ana.